Agogo achotsedwa pa mndandanda chifukwa cha mwana wopanda ntchito

Ku Zimbabwe kuno kulibe penshoni imene munthu amalandira chifukwa choti wakalamba basi. Zimene zilipo ndi penshoni ya anthu amene ankadulidwa ndalama pa malipiro awo ali pa ntchito, ndiponso thandizo la boma lopita kwa osauka, limene nkhalamba imalipeza pokhapokha ikadutsa pa mayeso a umphawi. Anthu ambiri a m'matchalitchi ndi m'mizikiti yathu ku Mabvuku, ku Tafara, ku Mbare ndi ku Epworth amasokoneza ziwirizi, ndipo agogo ena akamva kuti anzawo a mzere wachitatu alandira ndalama za a Sosholo amaganiza kuti iwo anaiwalika kapena kuti wina anadya gawo lawo. Nthawi zina chinyengo chimakhalapodi, koma kawirikawiri amene wawachotsa pa mndandanda ndi lamulo lolembedwa bwinobwino, lotsatidwa mokhulupirika, limene silifunsa zaka za agogowo koma limafunsa za anthu amene amagona nawo m'nyumba.

Tiyambe ndi chifukwa chimene makolo athu ambiri alibe penshoni ya pa ntchito. Thumba la penshoni la NSSA, bungwe la boma loona za penshoni ya antchito, linayamba kutolera ndalama mu Okutobala 1994, ndipo kuti munthu azilandira penshoni ya mwezi ndi mwezi ayenera kukhala atasonkha kwa miyezi 120, kutanthauza zaka khumi zathunthu. Wosonkha miyezi yochepera pamenepo, koma yosachepera 12, amapatsidwa ndalama kamodzi kokha, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsono taganizani za bambo amene anabwera ndi Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, kapena anayenda yekha kuchokera ku Dedza m'zaka za chitaganya, nagwira ntchito pa famu ya fodya moyo wake wonse mpaka mafamu atayamba kulandidwa mu 2000. Ngakhale bwana wake akanakhala wokhulupirika chotani pa kupereka ndalamazo, kuchokera 1994 kufika 2000 ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokha, ndiye kuti miyezi 120 sinakwane. Makhukhi, magadeniboyi ndi amayi olera ana m'mayadi a ku Highlands ndi ku Greendale, amene ndiwo anadzaza Mabvuku ndi Tafara, sanalowe n'komwe m'thumbalo, chifukwa antchito a m'nyumba sali m'gulu la osonkha. Ndipo amene anali ndi kapenshoni ka kampani anaona kakusungunuka ndi kukwera mitengo kwa mu 2008. Choncho kwa matchona ambiri ndi akazi awo amasiye khomo lotsala ndi lija la osauka.

Malamulo a dziko amalonjeza ndithu. Gawo 82 la malamulo aakulu a mu 2013 limati munthu wopitirira zaka 70 ali ndi ufulu wolandira chisamaliro kuchokera kwa abale ake ndi boma, chithandizo cha kuchipatala, komanso thandizo la ndalama, ngakhale kuti limawonjezera mawu akuti boma lichite zimenezi molingana ndi chuma chimene lili nacho. Lamulo la anthu okalamba la mu 2012 limaika ukalamba pa zaka 65. Koma ndalama zenizeni zimene zinafika m'manja mwa nkhalamba zambiri zinadzera m'pulogalamu ina yopereka ndalama kwa mabanja osauka, yotchedwa HSCT, imene inakhazikitsidwa mu 2011 pansi pa unduna woona za ntchito ndi chisamaliro cha anthu, mothandizidwa ndi thumba la mayiko opereka thandizo limene linkayendetsedwa ndi UNICEF. Pulogalamuyi si ya okalamba, ndi ya mabanja, ndipo pa mfundo imeneyi m'pamene pagona nkhani yonse. Poyamba inkapereka madola 10 a ku Amereka pa mwezi kwa banja la munthu mmodzi, madola 15 kwa anthu awiri, 20 kwa atatu, ndi 25 kwa anayi kapena kuposerapo, ndipo ndalamazo zinkabwera za miyezi iwiri pamodzi.

Kuti banja lilowe linayenera kudutsa pa masefa atatu, ina pansi pa inzake, ndipo chogwera kunja pa sefa yoyamba sichiona n'komwe yachiwiri. Yoyamba ndi ya dera. Pulogalamuyi sinayambe m'dziko lonse koma m'maboma khumi, limodzi m'chigawo chilichonse, ndipo kuno ku Harare mwayi unagwera Epworth. Nkhalamba ya ku Mabvuku yosauka chimodzimodzi ndi ya ku Epworth sinakanidwe ndi munthu aliyense pa nthawiyo, kungoti olemba mayina sanafike pa khomo pake. Sefa yachiwiri ndi ya mphamvu zogwirira ntchito, ndipo yachitatu ndi ya umphawi wa chakudya. Ziwiri zotsirizazi zimafunika zonse pamodzi: banja losauka kwambiri koma lokhala ndi anthu amphamvu sililowa, ndipo banja la nkhalamba zokhazokha koma looneka kuti likudya bwino sililowanso.

Sefa yachiwiriyi ndi imene ndikufuna kuti tiikhalire pansi, chifukwa ndi masamu osavuta amene aliyense angathe kuwerengera yekha pa khonde. Munthu wamphamvu amawerengedwa kuti ndi wa zaka 18 mpaka 59 amene alibe ulumali kapena matenda okhalitsa omulepheretsa kugwira ntchito. Ena onse, ndiye kuti ana, okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo, olumala ndi odwala, amawerengedwa kuti ndi odalira. Banja limatchedwa lopanda mphamvu zogwirira ntchito ngati mulibe wamphamvu ngakhale mmodzi, kapena ngati wamphamvu mmodzi akusenza odalira opitirira atatu. Mawu akuti opitirira ndi ofunika kwambiri, chifukwa atatu enieni sakwanira.

Pali mayi ena amene timapemphera nawo, a zaka za m'ma 70, amene amakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ya njerwa zosawotcha ku Epworth. Amuna awo anali ochokera ku Ntcheu ndipo anamwalira kalekale. M'nyumbamo muli iwo, adzukulu awiri a sukulu ya pulayimale amene mayi wawo anamwalira, ndi mwana wawo wamwamuna wa zaka za m'ma 30, amene sanagwirepo ntchito yolembedwa, ndipo amangopeza ganyu wonyamula katundu ku msika wa Mbare tsiku limene mwayi wamugwera. Tiyeni tiwerengere monga mmene fomu imawerengera. Wamphamvu ndi mmodzi, mnyamatayo. Odalira ndi atatu, agogo ndi adzukulu awiri. Atatu pa mmodzi sanapitirire malire, choncho banjali lili ndi mphamvu zogwirira ntchito ndipo lagwa pa sefa yachiwiri, umphawi wake usanayesedwe n'komwe.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi chokha. Mdzukulu wachitatu atabwera kudzakhala nawo, odalira akhala anayi pa wamphamvu mmodzi ndipo banjalo ladutsa. Kapena mnyamatayo atakwera basi ya ku Joni n'kusowa osatumiza ngakhale landi imodzi, m'nyumba simutsala wamphamvu aliyense, ndipo banjalo ladutsanso, n'kumayembekezera ndalama za banja la anthu atatu. M'njira zitatu zonsezi agogo ndi omwewo, msana wawo ndi womwewo, mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi akugulidwa pa mtengo womwewo. Chimene chasintha ndi chiwerengero cha mphasa zoyalidwa usiku. Mayiwa atafotokozeredwa zimenezi ndi mtsikana wina wa m'komiti ya tchalitchi anafunsa kuti, "Ndiye mwana wanga, ukundiuza kuti ndimuthamangitse malume akowa kuti ndidye?" Mtsikanayo anayankha kuti, "Ayi agogo, sindikutero, koma pepala likuwerenga choncho." Sanamuthamangitse, ndipo sindikudziwa mayi wachichewa amene angatero, koma funso lawo linali lolondola ndithu.

Lamuloli lili ndi maganizo ake, ndipo si opusa. Amene analikonza ankaganiza kuti banja losauka lokhala ndi munthu wamphamvu lingathandizidwe m'njira zina, monga ntchito zachitukuko zolipira, feteleza ndi mbewu, pamene banja la agogo ndi ana amasiye okhaokha silingapindule ndi zimenezo, ndiye lipatsidwe ndalama. Maganizowa anayesedwa koyamba ku Kalomo m'dziko la Zambia, kenaka ku Mchinji mu 2006, kumene kunabadwira Mtukula Pakhomo, pa nthawi imene Edzi inali itasiya nyumba zambiri zopanda makolo. Kumudzi, kumene munthu wamphamvu ali ndi munda ndi khasu, kunena kuti angathe kudyetsa anthu atatu kuli ndi pogwira. Koma m'tauni ngati Harare, kumene mafakitale ambiri a ku Msasa ndi ku Workington anachepetsa antchito kapena kutseka, mphamvu za m'manja sizisanduka ufa pokhapokha wina atakulemba ntchito. Fomu imafunsa ngati mnyamatayo angathe kugwira ntchito, siifunsa ngati ntchitoyo ilipo, ndipo siifunsanso ngati ndalama imene wapeza ku Mbare imafika pa mbale ya amayi ake kapena imathera pa njira.

Kumudzi kwathu malire ake ndi osiyana pang'ono, pakuti Mtukula Pakhomo poyamba ankawerenga wamphamvu kuyambira zaka 19 mpaka 64, ndiye kuti mayi wa zaka 62 amene kuno ndi wodalira, ku Mchinji anali wamphamvu woyenera kusenza ena atatu. Kumeneko kunalinso malire otchuka aja akuti pa mabanja 100 alionse olandira asapitirire khumi. Malire otere amasintha funso lonse. Silikhalanso lakuti kodi banjali ndi losauka, koma lakuti kodi ndi losauka kuposa ena makumi asanu ndi anayi. Ngati m'dera muli mabanja 100 ndipo 18 mwa iwo akukwaniritsa zonse zofunika, asanu ndi atatu ayenera kutsala, osati chifukwa cholephera mayeso koma chifukwa malo atha, ndipo kusiyana kwa banja lachikhumi ndi lotsatira lake kungakhale nkhuku ziwiri kapena chitseko cha matabwa.

Sefa yachitatu, ya umphawi, ndi yovuta kuiona ndi maso chifukwa imagwira ntchito m'kompyuta. Munthu wogulitsa tomato pa msewu alibe pepala la malipiro, ndipo ukamufunsa ndalama zimene amapeza pa mwezi sangakuuze zoona ngakhale atafuna, chifukwa mwezi uliwonse ndi wosiyana. Choncho mapulogalamu ambiri a mtundu uwu safunsa ndalama koma zizindikiro: khoma ndi la chiyani, denga ndi la chiyani, pansi ndi pa simenti kapena pa dothi, chimbudzi ndi chotani, madzi mumatunga kuti, muli ndi wailesi, njinga kapena ziweto, mumadya kangati pa tsiku, mutu wa banja anaphunzira kufika pati. Yankho lililonse limapatsidwa kulemera kwake potengera kafukufuku wamkulu wa dziko lonse amene anaonetsa kuti mabanja okhala ndi zinthu zakutizakuti nthawi zambiri amadya zochuluka chakuti. Akaphatikiza zonse pamatuluka nambala imodzi, ndipo nambalayo ndi imene imaika banja pamwamba kapena pansi pa mzere. Njirayi siyeza umphawi wa banja lanu lenilenilo, imangoyerekeza potengera mabanja ofanana nalo, ndipo kuyerekeza kumalakwa kwambiri pa anthu amene moyo wawo sufanana ndi wa unyinji.

Okalamba a m'tauni ndiwo oyamba kuvulala pamenepa, chifukwa katundu wawo ndi mbiri ya zaka zimene anali ndi mphamvu, osati chithunzi cha lero. Ku Mabvuku kuli madala ena amene anali khukhi kwa zaka zambiri, ndipo nyumba ya khonsolo imene ankachita lendi inadzakhala yawo pamene boma linalola anthu kugula nyumbazi ufulu utabwera. Nyumbayo ndi ya njerwa zowotcha, denga la asibesitasi, pansi pa simenti, chimbudzi chogejemula, ndipo pa khoma pali mpopi ngakhale kuti madzi a khonsolo sanatulukemo kwa nthawi yaitali, moti amagula a pa chitsime pa ndowa. Pa balaza pali kabati ya magalasi imene bwana anawasiyira pochoka, yodzaza makapu amene sagwiritsidwa ntchito, ndi wailesi yakanema yakale yovundikiridwa ndi kansalu koluka, imene inafa zaka zapitazo koma saitaya chifukwa imakongoletsa nyumba. Wolemba mayina akalowa m'nyumba imeneyi, funso lililonse la pa fomu liyankhidwa mokomera chuma. Koma madalawo amadya kamodzi, madzulo, ndipo tiyi wa m'mawa amamwa wopanda shuga mwezi ukapita pakati.

Wina anganene kuti nyumba ndi chuma ndithu, aikemo malojala. Ambiri amaterodi, ndipo lendi ya chipinda chimodzi ndiyo penshoni yeniyeni ya nkhalamba zambiri za m'malokeshoni. Koma pamenepo pamabuka vuto lina la kawerengedwe, chifukwa banja pa kalembera si anthu ogona pansi pa denga limodzi koma anthu odyera mphika umodzi. Lojala wophika payekha ndi banja lina. Agogo osadziwa zimenezi akafunsidwa kuti muno mumakhala anthu angati, amatchula onse mwaulemu, kuphatikizapo lojala wa zaka 28 ndi mkazi wake, ndipo wolemba wothamanga, amene wapatsidwa makomo ambiri oti amalize dzuwa lisanalowe, akalemba momwemo, nyumba ya nkhalamba imodzi yasanduka nyumba ya amphamvu awiri ndi wodalira mmodzi. Pali ulemu winanso umene umatipweteka: munthu wamkulu wachichewa kuuza mlendo, mwana wamng'ono wonyamula fomu, kuti dzulo tinagona ndi njala, ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo ambiri amayankha kuti tikudya bwino mwana wanga, Mulungu akutisunga. Yankho limenelo limalembedwa monga lanenedwera.

Zolakwa za kusankha zili mitundu iwiri, ndipo sizimveka mofanana. Kulowetsa munthu wosayenera kumaoneka ndi aliyense, chifukwa tsiku lolandira mzere uli poyera ndipo anthu amaloza kuti uyo ali ndi ana awiri ku Ingalande. Kusiya kunja munthu woyenera sikuoneka, chifukwa wosiyidwayo sali pa mzere, ali kunyumba. N'chifukwa chake oyendetsa mapulogalamu amakonda kuthina malamulo kuti asadzudzulidwe ndi cholakwa choyambacho, ndipo kuthina kulikonse kumachulukitsa chachiwiri. Njira yodziwira ngati kusankha kwayenda bwino m'dera si kuyang'ana amene ali pa mndandanda, pakuti pafupifupi onse mudzawapeza osauka ndithu. Njira yake ndi kuyamba ndi nkhalamba zimene aliyense m'deralo akudziwa kuti zikuvutika, n'kufufuza kuti ndi zingati mwa izo zili pa mndandandawo, ndipo kwa iliyonse yotsala, yagwa pa sefa iti.

Ndiyeno pali nthawi. Kalembera wa khomo ndi khomo amadya ndalama zambiri, choncho sachitika chaka chilichonse, pamene mabanja a anthu osauka amasintha mwezi ndi mwezi. Mwana amene anali wamphamvu pa tsiku la kalembera angadwale, angamangidwe, angamwalire, koma m'kaundula adakali wamphamvu mpaka olemba adzabwerenso. Mdzukulu amene anali ndi zaka 16 amakwanitsa 18, ndipo pa kalembera wotsatira agogo amene ankalandira amapezeka kuti ali ndi wamphamvu m'nyumba, ngakhale mwanayo atangomaliza folomu 4 ndipo akungokhala. Ndalamazo sizinali za agogo chiyambire, zinali za maonekedwe a banja pa tsiku linalake.

Mayiko ena oyandikana nafe anasankha kufunsa funso lina, losavuta kuyankha: muli ndi zaka zingati? Botswana inayamba mu 1996 kupereka penshoni kwa nzika iliyonse ya zaka 65. Namibia imapereka kuyambira zaka 60. Lesotho, dziko losalemera konse, linayamba mu 2004 kupereka maloti 150 pa mwezi kwa aliyense wa zaka 70, kupatula amene akulandira kale penshoni ina ya boma, ndipo linachita zimenezi ndi ndalama za misonkho yake. Zanzibar inatsatira mu 2016, nayonso pa zaka 70. Ngakhale pakati pa Achewa anzathu njirayi inayesedwapo, ku Katete m'dziko la Zambia, kumene kuyambira 2007 anthu a zaka 60 m'madera osankhidwa ankalandira popanda kuyesedwa umphawi. Mayi aja a ku Epworth akanakhala ku Maseru, likulu la Lesotho, mwana wawo wopanda ntchito sakanalowa m'nkhani, ndipo ndalamayo ikanakhala yolembedwa dzina lawo, yosatha mpaka tsiku la maliro awo.

Ku South Africa anatenga njira ya pakati imene ambiri aife timaidziwa kudzera mwa abale a ku Joni. Penshoni ya okalamba kumeneko imayamba pa zaka 60 ndipo ili ndi mayeso a chuma, koma mayesowo amayang'ana ndalama ndi katundu wa wokalambayo ndi mkazi kapena mwamuna wake, osati wa ana ndi adzukulu, ndipo malire ake anaikidwa pamwamba moti amachotsa opeza bwino okha, unyinji wa nkhalamba n'kulowa. Kusiyana kwake ndi kwathu kuno n'kwakukulu. Kufufuza anthu ochepa olemera kuti uwachotse n'kosavuta, chifukwa chuma chawo chimasiya mapepala ku banki ndi ku ofesi ya misonkho. Kufufuza osaukitsitsa pakati pa osauka n'kovuta, chifukwa onse alibe mapepala ndipo amasiyana pang'ono kwambiri.

Funso la ndalama silingazembedwe, ndipo masamu ake ndi achidule. Mtengo wa penshoni ya onse umapezeka pochulukitsa zinthu ziwiri: gawo la anthu a m'dziko amene afika zaka zolandirira, ndi kukula kwa penshoniyo poyerekeza ndi chuma chimene chimagwera munthu mmodzi dziko likagawa mofanana zonse zimene limapanga pa chaka. Mwachitsanzo chabe, ngati olandira ali atatu pa anthu 100 alionse, ndipo aliyense akupatsidwa gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma cha munthu mmodzi chija, dziko liwononga masenti 60 pa madola 100 alionse amene limapanga. Mukatsitsa zaka zolandirira kuti olandira akhale asanu ndi mmodzi pa 100, mtengo uwirikiza kawiri. Apa m'pamene zikuonekera kuti penshoni ya onse nayonso imasankha, kungoti imasankha ndi zaka. Kuika malire pa 70 kumapulumutsa ndalama, koma kumasiya kunja amene ntchito za pa famu ndi m'migodi zinawathyola msanga, ndipo osauka ambiri safika n'komwe pa zaka zimenezo. Ine ndimaonabe kuti cholakwa chimenechi n'chopiririka kuposa cha fomu, chifukwa munthu wa zaka 68 amadziwa chifukwa chimene sakulandirira, amadziwa tsiku limene adzayambe, ndipo palibe wapampando wa komiti kapena wa chipani amene angamufulumizitse kapena kumuchedwetsa.

Koma kwa ife a mtundu wa matchona njira ya zaka ili ndi msampha wake, ndipo tisadzinamize kuti ikadzabwera tonse tidzalowa. Penshoni ya onse imadalira chitupa, ndipo kawirikawiri imakhala ya nzika. Makolo athu ambiri ali ndi zitupa zachitsulo zija zosonyeza kuti ndi alendo, ngakhale anabadwira pa famu ku Mazowe kapena pa mgodi ku Shamva ndipo sanapondepo ku Malawi. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunafuna kuti munthu akane unzika wa dziko la makolo ake motsatira malamulo a dzikolo, ndipo ambiri amene sanachite zimenezi anapezeka opanda dziko. Gawo 43 la malamulo aakulu a mu 2013 linakonza mbali ina, ponena kuti wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Komabe unzikawo suonekera wokha pa chitupa. Munthu ayenera kupita ku ofesi ya kalembera, monga ku Makombe, ndi umboni wa kubadwa kwake, ndipo nkhalamba yobadwira m'komboni ya pa famu nthawi zambiri ilibe kalata ya kubadwa, mboni zake zinamwalira, famuyo inasintha eni ake. Amene anabadwira ku Nyasalande n'kubwera ali anyamata gawo limenelo siliwakhudza.

Chaka chobadwa nachonso n'chokayikitsa pa zitupa zambiri za m'badwo umenewo, chifukwa kalaliki ankangoyang'ana nkhope n'kulemba, ndipo ena ankadzichepetsa zaka dala kuti alembedwe ntchito kapena asapumitsidwe msanga. Pa fomu ya banja zaka ziwiri kapena zitatu zolakwika sizisintha kanthu ngati munthu wapitirira kale 60, koma pa penshoni ya zaka 70 munthu wolembedwa kuti anabadwa mu 1958 pamene anabadwa mu 1953 adzadikira zaka zisanu zathunthu. Kumapeto kwa moyo kulinso mapepala: imfa ikapanda kulembetsedwa, dzina limatsala m'kaundula ndipo wina amapitiriza kulandira, vuto limene Lesotho inalimbana nalo mpaka kuchititsa kalembera wotsimikizira kuti olandira ali moyo.

Pakadali pano, poti njira imene ilipo ndi ya fomu, makomiti a m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'mabungwe a maliro angachite zinthu zingapo zosafuna bodza lililonse. Pa tsiku la kalembera pakhale munthu wodziwa kuwerenga pafupi ndi agogo, amene aonetsetse kuti olembedwa ndi odyera mphika umodzi okha, kuti mwana amene anapita ku Joni chaka chatha sakulembedwa ngati wokhala pakhomo chifukwa choti zovala zake zidakali m'sutikesi, ndiponso kuti wodwala matenda okhalitsa waonetsa khadi lake la kuchipatala, pakuti khadi limenelo lingamuchotse m'gulu la amphamvu n'kumuika m'gulu la odalira, masamu onse n'kutembenuka. Katundu wakufa atchulidwe kuti ndi wakufa. Banja likasintha pambuyo pa kalembera, kaya ndi maliro kaya ndi kubwera kwa ana amasiye, nkhaniyo ikanenedwe ku ofesi ya a Sosholo ya m'deralo osadikira olemba, ndipo wokanena afunse mwachindunji kuti banjalo linagwa pa mphamvu zogwirira ntchito kapena pa umphawi, chifukwa umboni wofunika pa madandaulo awiriwa ndi wosiyana. Pa loyamba pamafunika zitupa, makalata a kubadwa a ana, khadi la kuchipatala kapena kalata ya imfa, pamene pa lachiwiri pamafunika kupempha kuti wa ofesiyo abwere yekha adzaone m'nyumbamo.